Kalata ya masamba awiri imene inandidyera sabata yonse

Kontirakiti inasainidwa Lachisanu madzulo. Lolemba m'mawa ndinapeza fayilo yake pa desiki yanga, pamwamba abwana atamata kapepala: "Kalata yowalandira ituluke sabata ino. Ntchito tiyamba pa 16 Juni." Kampani yathu imasamalira makompyuta, maseva ndi netiweki za makampani ena, ndipo ine ndimakhala pakati pa amisiri athu ndi makasitomala. Kasitomala watsopanoyu ndi kampani yonyamula katundu, ya maofesi awiri ndi anthu pafupifupi 60 ogwira ntchito pa kompyuta.

Munthu amene sanalembepo kalata yotere amaganiza kuti ndi ntchito ya mphindi makumi awiri: takulandirani ndi manja awiri, nambala yathu ndi iyi, zikomo. Nanenso kale ndinkatero. Koma kontirakiti yathu ili ndi masamba 19, ndipo kumbali yawo amene anaiwerenga ndi anthu awiri okha, mkulu wa kampani ndi loya. Awiriwo sadzaimba foni pulintala ikakana kusindikiza, ndiponso si iwo amene adzalowetse invoisi yathu m'kompyuta. Amene adzakhale nafe tsiku ndi tsiku sadzaiona n'komwe kontirakitiyo. Chimene adzaone ndi kalata yangayi, ndipo zimene zalembedwamo ndi zimene adzatigwire nazo pakamwa.

Lolemba lonse ndinangowerenga. Ndinatsegula kalata yakale imene timakoperako, kontirakiti ili pambali, n'kumadula ndi pensulo chiganizo chilichonse chimene sichikugwirizana ndi zimene zasainidwa. Zinapezeka zitatu. Kalata yakale imati maola otsala amapita mwezi wotsatira, pomwe kontirakiti iyi ikuti maola 40 a mwezi amathera mwezi womwewo. Inalinso ndi nambala ya foni ya mnzathu amene anasiya ntchito chaka chatha. Chachitatu chinali dzina la kasitomala wina, litabisala m'munsi mwa tsamba lachiwiri m'zilembo zing'onozing'ono. Ilo likanapita chomwecho ndikanasowa pobisa nkhope.

Ndisanaweruke ndinapita kwa mnzanga wa zamalonda amene anakoka kasitomalayu. Ndimamufunsa funso limodzi nthawi zonse: "Achimwene, munawalonjeza chiyani pakamwa chimene m'pepalamu mulibe?" Anaseka kaye, kenako n'kuvomera kuti anawauza kuti mmisiri azidzafika ku ofesi yawo yaikulu sabata iliyonse. Kontirakiti ikuti kamodzi pa mwezi. Zoterezi sizikonzedwa ndi kalata. Ukalemba "kamodzi pa mwezi" osanena kanthu, munthu amene anamva "sabata iliyonse" amawerenga n'kuona ngati tamupusitsa tsiku loyamba lomwe. Ndinamuuza mnzangayo kuti aimbe yekha foni, afotokoze, ndipo ine ndilembe zimene amvana. Anaimba Lachiwiri. Anagwirizana kuti mwezi woyamba wathunthu mmisiri azipitadi sabata iliyonse, maola ake akuchotsedwa pa 40 aja, kenako tibwerere pa kamodzi pa mwezi.

Lachiwiri ndi limene linali tsiku la ntchito yeniyeni. Gawo la malipiro sindililemba ndisanalankhule ndi munthu amene amalipira, ndipo munthu ameneyu sakhala pa msonkhano wosainirana. Ndinachita kufunsa anthu atatu kuti ndimupeze. Anali mayi wina wa ku ofesi yawo ya zandalama, wolankhula modekha, amene anadabwa kuti pali wogulitsa amene waimba invoisi isanavute.

Ndinawafunsa kuti invoisi imayenda bwanji ikafika kwa iwo. Anati choyamba, kampani yathu siinalowe m'kaundula wawo wa ogulitsa, ndipo popanda kulowamo kompyuta yawo siingalandire invoisi yathu ngakhale itakhala yolembedwa bwino chotani. Pali fomu yoti tidzaze, kalata ya ku banki yotsimikiza akaunti yathu, ndi nambala yathu ya msonkho. Kulowetsako kumatenga masiku asanu ogwira ntchito. Chachiwiri, invoisi iliyonse iyenera kukhala ndi nambala ya oda, ija imalembedwa pa kabokosi ka `PO Number`. Yopanda nambala imeneyi saibweza, saikananso, imangokhala m'bokosi la imelo kudikira wina adzaifunse. Chachitatu, dzina. Ife m'makalata onse tinkalemba dzina limene lili pa magalimoto awo, koma dzina limene analembetsa ku boma ndi lina, lalitali, ndipo invoisi yolembedwa dzina la pa galimoto akauntanti wawo saivomera.

Kenako anatchula chinthu chimene chinandiimitsa mutu. Amalipira ogulitsa kamodzi pa mwezi, pa 25, ndipo amalipira ma invoisi okhawo amene anafika pofika pa 5 mwezi womwewo. Ndinatenga kalendala. Kwathu invoisi timailemba deti la tsiku lomaliza la mwezi, koma akauntanti wathu amaitumiza cha pa 8 kapena pa 10, chifukwa amadikira kuti amisiri onse apereke maola awo. Ndiye tiwerenge. Invoisi ya pa 30 Juni ikafika kwa iwo pofika pa 5 Julaye, ilipidwa pa 25 Julaye, patapita masiku 25, mkati mwa masiku 30 amene kontirakiti ikunena. Ikafika pa 8 Julaye, yaphonya, ndipo idikira mpaka pa 25 Ogasiti. Amenewo ndi masiku 56. Kuchedwa kwathu kwa masiku atatu kukubala kuchedwa kwawo kwa mwezi wathunthu, ndipo zikanachitika mwezi uliwonse. Ife tikanamati kasitomalayu ndi wovuta kulipira, n'kumatumiza makalata okumbutsa ngongole, iwo n'kumati ife ndi amene sitidziwa kutumiza zinthu pa nthawi yake. Tonse tikanakhala tikunena zoona. Pa 5 Julaye pomwepo ndi Loweruka, choncho tsiku lenileni ndi Lachisanu pa 4.

Ndinapita nazo kwa akauntanti wathu. Poyamba anauma: kontirakiti ikuti masiku 30, asinthe ndi iwowo. Ndinamuuza kuti kampani siisintha tsiku lolipira ogulitsa ake onse chifukwa cha ife, ndipo kukhala wolondola pa pepala sikulipira amisiri athu pakutha pa mwezi. Tinamvana kuti tigawe invoisi pawiri. Ya maola 40 okhazikika siifuna kudikira aliyense, chifukwa ndalama yake siisintha, ndiye izituluka tsiku loyamba logwira ntchito la mwezi. Ya maola owonjezera, ngati alipo, izibwera payokha ikatha kuwerengedwa. Kugawaku kuli ndi ubwino wina umene ndinauphunzira movutikira: mkangano umabuka pa maola owonjezera, osati pa okhazikika, ndipo zikakhala pa pepala limodzi, ola limodzi lokanganirana limagwira ndalama yonse.

Ndime imeneyo m'kalata inatuluka motere:

"Invoisi ya ntchito yokhazikika muzidzailandira tsiku loyamba logwira ntchito la mwezi uliwonse, ya mwezi umene wangotha, pa imelo ya ofesi yanu ya zandalama. Ya maola owonjezera idzabwera payokha, pamodzi ndi mndandanda wosonyeza tsiku, ntchito, maola ndi dzina la amene anavomereza. Ngati pali chimene simukugwirizana nacho, tidziwitseni pasanathe masiku 10 ndipo mutchule mzere wake, kuti zotsalazo zilipidwe pa nthawi yake. Popeza ntchito ikuyamba pa 16 Juni, invoisi yoyamba idzakhala ya masiku 15 mwa masiku 30 a mweziwo, kutanthauza theka la malipiro a pamwezi ndi maola 20."

Chiganizo chomalizacho anthu amachiiwala. Invoisi yoyamba ndi imene imaonedwa ndi maso anayi, ndipo ikakhala ndi nambala imene palibe amene amaiyembekezera, imayamba yazungulira m'maofesi.

Lachitatu tinakangana ndi mkulu wa amisiri pa mawu amodzi. Ndinali nditalemba kuti vuto lalikulu "tidzalisamalira pasanathe ola limodzi". Anawerenga, n'kuloza ndi chala pa sikirini. "Kusamalira n'kutani? Kuyankha kapena kukonza?" Ndinati aliyense amva. Anati ndi pomwepo pali vuto, aliyense amva zake. Kontirakiti ikulonjeza kuyankha, kutanthauza kuti mmisiri, munthu weniweni, wayamba kuligwira vutolo ndipo wauza kasitomala. Siikulonjeza kukonza, chifukwa seva ikapsa chipangizo chimene tilibe m'sitolo, kapena vuto likakhala la kampani yowapatsa intaneti, ola limodzi silitanthauza kanthu. Ndinamva kuwawa pang'ono chifukwa chiganizo changa chinkamveka bwino, koma anali kunena zoona. Mawu ofewa oterewa ndi amene amabwereranso miyezi itatu kutsogolo, atadulidwa mzere wofiira kunsi.

Tinalembanso limodzi, ndipo m'malo motchula magulu a mavuto ndi manambala monga timachitira mkati mwathu, tinaika zitsanzo za ku ntchito kwawo. Ngati ofesi yonse yaima, kapena pulogalamu yolembera katundu wotuluka siikutseguka, aimbe foni, ndipo tiyankha pasanathe ola limodzi. Ngati ndi munthu mmodzi amene sakutha kugwira ntchito, atumize imelo, tiyankha pasanathe maola anayi ogwira ntchito. Zopempha wamba, monga kutsegulira akaunti munthu watsopano, masiku awiri. Tinawonjezera kuti maola amenewa amawerengedwa kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, Lolemba mpaka Lachisanu, ndi chitsanzo chimodzi: imelo yotumizidwa 4 koloko madzulo Lachisanu, maola ake anayi amatha 11 koloko m'mawa Lolemba. Popanda chitsanzo chimenechi, munthu amawerenga yekha n'kupeza 8 koloko usiku wa Lachisanu lomwelo.

Za kawerengedwe ka maola ndinazilemba poyera, ngakhale mnzanga wa zamalonda ankafuna zikhale m'kontirakiti mokha poopa kuti ziopseza anthu. Timawerenga m'magawo a mphindi 15, choncho foni ya mphindi zinayi yofunsa pasiwedi imadya mphindi 15. Ntchito ya usiku kapena ya kumapeto kwa sabata imawerengedwa ola limodzi ndi theka pa ola lililonse, choncho maola atatu a Loweruka amachotsa anayi ndi theka. Maganizo anga ndi akuti munthu akwiye lero powerenga kalata, pamene angathe kufunsa, kusiyana n'kuti adzakwiye atagwira invoisi. Ndinalonjezanso chinthu chimodzi chimene m'kontirakiti mulibe koma abwana anavomera: maola akafika 32 mwa 40, tidzawatumizira uthenga, kuti asankhe okha zoti zidikire mwezi wamawa.

Panatsala funso limene ndimaliopa kuposa onse, la amene ali ndi mphamvu yotituma ntchito yowonjezera. Zaka zingapo zapitazo, kwa kasitomala wina, mlembi wa ofesi anapempha amisiri athu kuti asamutse makompyuta 12 kupita chipinda china, ndi mawaya ake omwe. Anyamata anagwira ndi mtima wonse, maola 18. Invoisi itafika, manijala wawo anafunsa funso limodzi lokha: anakutumani ndani? Mlembi uja analibe mphamvu yogwiritsa ntchito ndalama za kampani, ndipo ife tinalibe pepala lililonse. Ndalama imeneyo sitinaione, ndipo amene anachita manyazi kwambiri anali mlembiyo, amene sanalakwe kanthu kupatula kupempha. Kuyambira pamenepo kalata iliyonse imasiyanitsa zinthu ziwiri. Kunena vuto, aliyense mwa anthu 60 aja angathe. Kuvomereza ntchito yopitirira maola 40, kapena kugula chipangizo, ndi anthu awiri okha amene kampaniyo yatchula, ndipo avomereze polemba. Awiri, osati mmodzi, chifukwa mmodzi amapita ku tchuthi. M'kalatamo ndinasiya mizere iwiri yopanda kanthu kuti alembemo mayinawo ndi kutibwezera.

Gawo la anthu olumikizana nawo ndinalimaliza Lachinayi m'mawa, ndipo silinavute. Imelo imodzi ndi foni imodzi za mavuto onse, dzina langa pa nkhani za mgwirizano, akauntanti pa za invoisi, ndipo ngati sanakhutire ndi ine, abwana, ndi nambala yawo. Sindiika nambala za m'manja za amisiri. Kasitomala akangodziwa nambala ya mmisiri amene amamukonda, amayamba kumulembera mwachindunji, ntchito siilowa m'kaundula, maola sawerengedwa, ndipo tsiku limene mmisiriyo wadwala uthenga umagona m'foni yake pamene ife sitikudziwa kuti kwinakwake kwayaka moto. M'kalata sindinalembe zonsezi. Ndinangoti nthawi yoyankha imayamba kuwerengedwa vuto likafika pa imelo kapena foni yatchulidwayo.

Pansi pa nambala ya akaunti yathu ya ku banki ndinaika ziganizo ziwiri zimene sizichoka m'kalata iliyonse: "Akaunti iyi sitidzaisintha kudzera pa imelo. Mukalandira uthenga wonena kuti tasintha banki, musalipire, yambani mwaimba nambala ili pamwambayi." Akathyali amadziwa kuti nthawi yabwino yonamizira kukhala wogulitsa ndi pamene awiri angoyamba kumene kugwira ntchito limodzi, asanadziwane mawu ndi kalembedwe. Amatumiza imelo yooneka ngati yathu, adiresi itasiyana chilembo chimodzi, ndipo ndalama ikapita imakhala yapita.

Masana ndinapereka kalata kwa abwana, ndili ndi chikhulupiriro chonse. Anaiwerenga ataimirira, n'kuima pa tsamba lachiwiri. "Masiku 30 kuchokera liti?" Ndinayang'ana. Ndinali nditalemba kuti kuchokera tsiku limene alandira invoisi. Kontirakiti ikuti kuchokera pa deti lolembedwa pa invoisi. Mawu a mayi a zandalama aja anali atandikhala m'mutu, ndipo ndinalemba kachitidwe kawo m'malo mwa zimene tinasainirana, ine yemwe amene Lolemba ndinkadula zolakwa za ena ndi pensulo. Kusiyana kwake kumaoneka kochepa, koma tsiku lolandira ndi tsiku limene wina angathe kulikana: imelo sinafike, inapita kwa munthu wolakwika, ndinali kunja kwa ofesi. Deti la pa invoisi palibe amene angalitsutse. Ndinakonza, ndipo abwana anawonjezera ndi dzanja lawo mzere wakumapeto, wonena kuti kalatayi ikungofotokoza kayendedwe ka ntchito, ndipo pakakhala kusiyana, kontirakiti ndi imene idzatsatidwe. Mzere umenewu sindiukonda kwenikweni, umazizira pa kalata yolandira alendo, koma tsiku limenelo ndinalibe pakamwa potsutsira.

Ndinatsala ndi ntchito yofupikitsa kalatayo. Kalata inali itafika masamba atatu ndi theka, ndipo ndikudziwa kuti tsamba lachitatu siliwerengedwa. Inapita ndime yonse yofotokoza mbiri ya kampani yathu, popeza anatisankha kale. Inapitanso ndime yolonjeza kuti timagwira ntchito mwaukadaulo. Moni ndinasiya wa mizere itatu. Pamwamba penipeni, moni atangotha, ndinaika zinthu zitatu zimene tikufuna kwa iwo lisanafike Lolemba: mayina awiri a ovomereza, nambala ya oda, ndi munthu woti adzatsegulire amisiri athu chipinda cha seva pa 16. Zimene ukufuna kuti munthu achite ukaziika kumapeto, amazipeza atatopa kale.

Ndisanatumize ndinapatsa mtsikana wathu wa pa malo olandirira alendo, amene sadziwa chilichonse cha kasitomalayu, n'kumufunsa mafunso atatu: intaneti yafa ofesi yonse, uchita chiyani? Ukufuna laputopu yatsopano, ndani avomereze? Invoisi yoyamba ibwera liti? Awiri oyamba anayankha msanga. Pa lachitatu anasakasaka, chifukwa ndinalemba "tsiku loyamba logwira ntchito la mwezi" osatchula deti. Ndinawonjezera kuti yoyamba idzafika pa 1 Julaye.

Inatuluka Lachisanu 9 koloko m'mawa, yosainidwa ndi abwana, kupita kwa mkulu wawo, ndipo makope kwa manijala wa maofesi ndi kwa mayi a zandalama aja. Sinditumiza kwa mkulu yekha n'kuyembekeza kuti agawira anzake. Fomu yawo ya ogulitsa tinali titaibweza kale Lachitatu, choncho masiku asanu aja adzatha invoisi yoyamba isanalembedwe.

Mayina awiri anabwera isanakwane 12 koloko. Manijala wa maofesi anafunsa ngati angaduleko gawo la mavuto ndi nambala ya foni kuti alimate pa bolodi m'maofesi onse awiri, ndipo ndinamutumizira tsamba lapadera la gawo lokhalo, lopanda za ndalama. Cha m'ma 3 koloko mayi aja anatumiza oda. Ndinaitsegula kuti ndikopere nambala, n'kuona kuti ndi ya miyezi isanu ndi umodzi, kuthera pa 15 Disembala, pomwe kontirakiti ndi ya miyezi 12. Ndinawaimbira.

"Mayi, odayi ikuthera pakati pa njira. Kapena pali cholakwika?"

"Ayi bambo, palibe cholakwika. Kuno oda siipitirira miyezi isanu ndi umodzi. Ikatha, manijala apemphe ina. Koma mudzawakumbutse inuyo, iwo saikumbukira. Ndipo iyi ndi ya maola 40 okha. Owonjezerawo aliwonse adzafuna oda yawoyawo, ntchito isanayambe."

Zimenezo m'kalata munalibe. Ndinalemba imelo yaifupi kwa ovomereza awiri aja, yonena kuti akamavomereza ntchito yowonjezera azitumiza ndi nambala ya oda yake, ndipo ndinauza mkulu wa amisiri kuti popanda nambalayo anyamata asanyamule zida. Kenako ndinatsegula kalendala, n'kuika chikumbutso pa 14 Novembala: kufunsa oda yatsopano.